Kope langa la nyenyezi: mwezi uno ndili pa maanja

Mwezi uno ndasiya kaye kuloweza mayina a zizindikiro 12 za nyenyezi, zomwe okhulupirira nyenyezi amati zimasonyeza khalidwe la munthu malinga ndi tsiku lomwe anabadwa. Ndikuphunzira magulu ake atatu. Loyamba ndi la oyambitsa, momwe muli Eriyezi, Kansa, Libura ndi Kapirikoni. Izi zimayamba pomwe nyengo ikutembenuka, cha pa 21 Malichi, 21 Juni, 23 Seputembala ndi 22 Disembala. Lachiwiri ndi la okhazikika: Torasi, Liyo, Sikopiyo ndi Akwariyasi. Otsala anayiwo, Jemini, Vego, Sajitariyasi ndi Paisizi, ndi osinthasintha.

Anthu ambiri amangoti woyambitsa ndiye amalamula m'banja. Ine ndikukana. Iye amabweretsa mfundo, inde, koma mfundoyo imafera kapena kupulumukira m'manja mwa wokhazikika, poti akati ayi ndi ayi basi.

Kuyang'ana Dzuwa lokha n'kudzinamiza, choncho ndimaona gulu la zizindikiro momwe munali Dzuwa, Mwezi ndi mapulaneti pa tsiku lomwe munthu anabadwa, n'kuwerenga motere: Dzuwa ndi Mwezi ndimazipatsa mapointi awiriawiri, mapulaneti a Mekyule, Vinasi ndi Mazi imodziimodzi. Chizindikiro chotuluka kum'mawa ndimachisiya, chifukwa chimasintha pafupifupi maola awiri aliwonse, ndipo ndani kwathu kuno amadziwa ola lomwe anabadwa? Ngakhale Mwezi umavuta, umasamuka pakatha masiku awiri ndi theka, ndiye ukakhala kumalire a zizindikiro ziwiri ndimalemba ndi pensulo.

Ndayesera pa achimwene ndi alamu anga, atandilola. Achimwene Dzuwa lili mu Kapirikoni, Mwezi mu Eriyezi: mapointi anayi a kuyambitsa. Mekyule ndi Mazi zili m'gulu losinthasintha, Vinasi yekha ndiye wokhazikika. Alamu Dzuwa lili mu Vego, ndipo wongoona zimenezo anganene kuti awa ndi ogonjera. Koma Mwezi wawo uli mu Torasi, Mekyule ndi Vinasi mu Liyo, Mazi mu Sikopiyo. Mapointi asanu okhazikika, awiri okha osinthasintha!

Nkhani ya malata inandiseketsa. Achimwene anabwera ndi moto, akuti tigulitse mbuzi tifolere nyumba mvula isanagwe. Alamu sanatsutse. Anangoti, "Chabwino bambo, tiona," n'kupitiriza kusankha nyemba m'lichero. Pa tsiku, pa mtundu wa malata, pa mmisiri, anavomera zonse. Pa mbuzi sanasunthe. Nyumba inafoleredwa chaka chotsatira ndi ndalama za soya, mbuzi zili m'khola, achimwene akuuza anthu kuti maganizo anali awo. Sananame.

Ndikudziwa kuti asayansi zimenezi sazivomereza, komanso banja ukalidziwa kale n'kosavuta kuona zomwe ukufuna kuona. N'chifukwa chake mwezi wamawa ndidzayamba ndalemba zomwe ndikuyembekezera ndisanafunse eni ake. Ndikusaka banja la okhazikika okhaokha, makamaka Torasi ndi Liyo, omwe atalikirana madigiri 90 pa mzere wozungulira wa zizindikirozi, pomwe mwambo wa nyenyeziwu umati pamakhala kukokanakokana kwenikweni. Funso lowafunsa ndakonza kale: mukayambana, amayamba kulankhula ndani?