Ndiwo zogwa kudenga

Ramadhani ya 2025 inayamba kumayambiriro kwa Malichi, mvula isanathe, ndipo ine ndinatsimikiza kuti khonde lathu kuno ku Nkhotakota liwale. Ndinagula timagetsi ta sola ta pachingwe, mamita 10, toyera kuti mbee. Ana anadula makatoni kupanga mwezi ndi nyenyezi, n'kuzikuta ndi pepala lonyezimira. Kasola ndinakayanika padenga kuyambira m'mawa, chifukwa kakapanda kumwa dzuwa tsiku lonse kamazima swala ya usiku ya Tarawehe isanafike pakati.

Khoma la kumpoto, komwe timayang'ana poswali, ndinalisiya lopanda kanthu kuti maso asamabedwe ndi zophethira. Apo ndinaganiza bwino. Chingwe chonsecho ndinachizunguliza pamtanda wa denga, pamwamba penipeni pa mphasa yodyerapo.

Mayi a kunyumba anayang'ana m'mwambamo, kenako kunyanja.

"Bambo, mwezi wangooneka kumene. Mwaiwala alendo a m'nyanja?"

"Konzani phala, mayi. Zokongoletsa n'za ife odziwa."

Aliyense wobadwira kuno amadziwa kuti nkhungu, timtchentche tija timatuluka m'nyanja ngati utsi, zimakonda masiku a mwezi watsopano, ndipo kuwala koyera zimakulondola kuposa kwachikasu. Ramadhani nayo imayamba ndi mwezi watsopano. Ziwirizi sizinakumane m'mutu mwanga.

Cha m'ma 6 koloko tinakhala pamphasa pamodzi ndi apongozi aamuna, omwe ndinawaitana dala kuti adzaone luso langa. Adhana itamveka tinamasula ndi tende ndi madzi, n'kuimirira kuswali Magharibi. Mbale zonse, phala la mpunga, futali wa mbatata wothira nsinjiro, masamusa, tinazisiya zosavundikira. Maraka atatu okha, zingatani?

Mdima utagwira, timagetsi tinayaka tokha. Pa raka yachiwiri ndinamva kayaziyazi m'khosi. Pa yachitatu apongozi, omwe ankatsogolera, anatsokomola kawiri, mawu n'kusasa. Titapereka salamu n'kucheuka, phala linali litavala bulangete lakuda. Futali ankachita kuyenda. Nyenyezi za ana zija, poti guluu anali asanaume, zinali zitamera ubweya.

Kunali zii. Apongozi anatenga supuni, n'kuyengula pamwamba pa phala mosafulumira, n'kuyang'anitsitsa.

"Mkamwini, anthu amavutika kuzungulizira lichero m'mwamba kuti agwire zimenezi. Inu mwangoziitana ndi waya."

Ana anagwa nako kuseka. Mayi sanayankhule, anangonyamula chivundikiro cha poto n'kundipatsa m'manja ngati mphatso.

Mawa lake chingwe chija ndinachisamutsira kumtengo wa mango, kutali ndi khonde, kuti alendowo azikasonkhana komweko. Pakhonde tinasiya nyali imodzi yachikasu pakona, mbale zovundikira, ndi kaphale ka ubani. Anthu anadya mpaka kunyambita zala.

Koma apongozi sanaiwale. Mpaka tsiku la Idi, akandiona kumzikiti, ankafunsa mokweza pamaso pa anthu:

"Mkamwini, lero ndiwo mukoleza nthawi yanji?"