Supuni ya kambuzi pa sekondi yoyamba

Popeza vidiyo ija ya ine ndikumeza supuni ya tsabola wa kambuzi mwaiona kale nonse, ndipo ena mwafika podula nkhope yanga n'kuisandutsa sitika ya pa WhatsApp, lekani ndifotokoze ndekha musanathire mchere wanu. Sindinalire ayi. Maso ankangotuluka madzi paokha.

Vidiyo yanga yoyamba yotsatsa tsabola wa kambuzi wa m'botolo inali ya masekondi 42, ndipo inali yaulemu kwambiri. Masekondi 4 oyambirira logo inkazungulira payokha, yochokera mu CapCut, pulogalamu yokonzera mavidiyo. Kenako ine, nditaima pakhomo nditavala malaya a kutchalitchi, ndikupereka moni kwa abale ndi alongo kulikonse kumene ali, n'kuyamba mbiri ya agogo amene anandiphunzitsa kukazinga tsabola. Botolo linaonekera pa sekondi ya 19. Patapita masiku awiri ndinatsegula ziwerengero za TikTok, ndipo pa `Average watch time` panalembedwa masekondi awiri ndi kadontho. Anthu ankachoka logo isanamalize n'kuzungulira komwe. Agogo sanawamve, botolo sanalione.

Ndinapita nayo kwa alamu anga, amene amajambulira anthu timavidiyo ta malonda. Anaionera mpaka kumapeto, koma nkhope ikuoneka kuti akungolemekeza chibale.

"Alamu," anatero, "munthu akafika pa vidiyo yanu chala chimakhala chanyamuka kale kupita pa ina. Moni wanuyu mukupatsa msana wake. Yambirani pakati pa nkhani, chinthu chikuchitika kale: tsabola akugwera pa chipisi, kamera ili pafupi. Agogo abwere pa sekondi ya 6, munthu atakhala pansi."

Anawonjezera kuti ambiri amaonera ali m'minibasi mawu atatseka, choncho pa sikirini pakhale mawu olembedwa osapitirira 6, ndipo akhale chapakati kukwera m'mwamba, chifukwa pa TikTok kumunsi kumaphimbidwa ndi dzina ndi mawu ofotokozera, pomwe kumanja kuli mabatani. Foni iimirire, 9:16. Ndiyang'ane kuwindo, windo lisakhale kumbuyo kwanga, apo ayi ndidzatuluka ngati chithunzithunzi. Ndipukute diso la kamera, ndidinikize chala pa botolo mpaka fokasi itakhazikika, ndipo ndijambule ndi kamera yakumbuyo.

Pa zonsezi ine ndinangotolapo chimodzi: pa sekondi yoyamba pachitike chinthu. Ndiye ndinaganiza kuti chipisi aliyense amachidziwa. Chimene anthu sanaonepo ndi mwini wake wa tsabola akumeza supuni yathunthu akumwetulira.

Foni ndinaitsamiritsa pa chitini cha shuga. Ndinatsegula kamera yakutsogolo, chifukwa munthu umafuna kudziona. Botolo ndinaliika pafupifupi masentimita 30 kuchokera pa foni, n'kukhazika fokasi pamenepo monga ananenera alamu, ndipo apa mundiyamikire. Supuni inali yaikulu, yodyera phala, ndipo ndinatapa pansi penipeni pa botolo limene linakhala milungu itatu, pomwe njere zonse zimakadikha. Pamwamba pamakhala mafuta, amene amanyenga. Pansi ndi pamene pamakhala eni mudzi.

Sekondi yoyamba inayenda bwino. Yachiwiri ndikumwetulirabe, ndipo mukaonetsetsa chala chachikulu chayamba kukwera kuti chinene kuti zili bwino. Chala chimenecho sichinafike. Chinaima panjira, n'kuyamba kunjenjemera. Kambuzi satentha msanga ngati tsabola wina. Amayamba ndi kafungo kabwino kaja, kukulonjera, kufunsa za kunyumba, kenako n'kutseka chitseko. Pa sekondi ya 4 makutu anayamba kulira ngati ma transifoma mvula ikamabwera. Pa ya 5 ndinayesa kunena mawu amene ndinakonzekera, akuti "kukoma kwa kwathu", koma chimene chinatuluka ndi kukhosomola kumodzi kwakukulu kumene kunagwedeza chitini cha shuga. Ndinaweramira kutsogolo kuti ndizimitse foni, osaona batani, ndipo mphuno yanga inafika ndendende pa masentimita 30 paja pamene ndinakhazika fokasi. Abale anga, sindinajambulepo chinthu chooneka bwino chotero. Kuwala kwa pawindo kunagwera bwinobwino. Thukuta lililonse linkawerengeka. Kadontho kamodzi kanatsetsereka pang'onopang'ono kuchokera pamphuno, kanaima pansonga, kanaganiza kaye za moyo wake kwa masekondi atatu athunthu, kenako kanagwera mu supuni. Kumbuyo kukumveka mwana wanga akufunsa amayi ake ngati adadi akufa.

Ndinamwa makapu atatu a madzi, osathandiza, chifukwa ukali wa tsabola umasungunuka m'mafuta osati m'madzi. Mkaka ndiye ukanathandiza, koma unathera mu tiyi m'mawa.

Tsono ndinafuna kuwatumizira alamu vidiyoyo kuti aone ngati masekondi awiri oyambirira angapulumutsidwe. Ndinapukuta m'maso ndi dzanja lomwe linagwira supuni. Amene munagwirapo kambuzi mukudziwa chimene chinatsatira. Ndili ndi diso limodzi lotseka, linalo likuona zinthu ziwiriziwiri, ndinadina choyamba pa mndandanda wa WhatsApp. Choyamba pa mndandanda umenewo si alamu. Ndi `My status`.

Inakhalapo mphindi 40 ine ndili chigonere pa simenti, nsalu yonyowa kumaso. Pomwe ndinkaichotsa n'kuti itafika kale ku gulu la kutchalitchi, la anzanga a kusukulu, ndi kwa apongozi.

Komabe tinene zoona: vidiyo imeneyo anthu anaionera mpaka kumapeto, ena kangapo. Mfundo ya alamu inagwira ntchito, ndipo amene anaitsimikizira ndi thupi lake ndine. Vuto linali lakuti foni yanga imasunga za kamera yakutsogolo ngati galasi, ndiye lebulo inatembenuka. Pamene panayenera kuwerengeka KAMBUZI panali IZUBMAK, zilembo zitayang'ana kumbuyo. Mtengo panalibe, nambala panalibe. Anthu mazana anadziwa kuti pali tsabola woopsa, koma osadziwa dzina lake kapena kogula.

Vidiyo yachitatu tinajambula ndi alamu, ine atandiletsa kuyandikira supuni. Ndi ya masekondi 18. Awiri oyambirira tsabola akutsikira pa chipisi chotentha, nthunzi ikuoneka, ndipo pamwamba palembedwa kuti "Chipisi chopanda kambuzi? Ayi." Kujambulako tinayamba supuni isanapendeke, kenako tinadula chiyambi chonse kuti chithunzi choyambirira penipeni chikhale tsabola ali m'njira, chifukwa ngakhale theka la sekondi la mbale yongokhala limathamangitsa anthu. Kuyambira sekondi ya 2 mpaka ya 5 dzanja likutembenuza botolo, lebulo n'kuwerengeka, kotero dzina likulowa munthu asanachoke. Kenako tizidutswa titatu ta masekondi awiriawiri: kambuzi pa mulu kumsika, mpeni ukudula, mafuta akuwira m'poto, mawu anga akunena chiganizo chimodzi chokha cha agogo. Masekondi otsalawo ndi mtengo ndi nambala, zosasuntha, kuti munthu athe kukopera. Logo ili pa botolo basi, siikuzunguliranso.

Imeneyi anthu akuionera masekondi 9 pa 18, ndipo ndagulitsa mabotolo 7. Mwa ogulawo, asanu analemba kuti akufuna Izubmak. Apongozi anaitanitsa awiri, n'kufunsa ngati mphuno yachira.

Sitika ija amene anaipanga ndikumudziwa. Ali ndi ngongole yanga ya botolo limodzi.