Kamawu kamodzi kanandidyera tsiku lathunthu ku boma

Kalata yanga yofotokoza za kunyowa kwa soya m'godauni yalandiridwa lero, koma mtima sunatsikebe. Ndine wosunga godauni ya kopaletivi ya alimi kuno ku Mchinji, timagula soya ndi mtedza. Mvula yoyamba itagwa Lachiwiri pa 12 Novembala, madzi analowa mkati, ndipo Lachinayi mmawa nditatsegula ndinalembera manijala wathu pa WhatsApp motere: "Bwana zavuta kuno. Mvula ya dzana yalowa mugodauni, matumba a soya ngati 30 anyowa, ena ayamba kununkha. Malata aja ndinanena aja. Tipange bwanji?" Iwo anayankha kuti amva, koma komiti siingakambirane za pafoni, ndilembe kalata yantchito yoti ilowe mufailo.

Za keyala ziwiri, tsiku, malonje ndi mutu wa kalata sindichedwa nazo, tonse tinaphunzira kusukulu. Chimene sanatiphunzitse ndi chakuti ukamaveka mawu jekete, mfundo zimatha kusintha wekha osazindikira.

Lolemba ndinakwera kabaza mpaka pamsewu, kenako minibasi kupita ku ofesi yathu ku boma, kalata yolemba pamanja ili m'thumba. Alembi a pa ofesipo anayiwerenga n'kunena kuti, "Achimwene, izi zikumveka ngati macheza a pachitsime, bweretsani ndikukonzereni." Ndinawasiyira, n'kukakhala pabenchi panja kuyambira 9 koloko mpaka masana, chifukwa magetsi anazima ndipo makina osindikizira anangokhala. Atayaka ananditulutsira pepala looneka bwino, la mawu olemera, ine n'kusayina osaliwerenga modekha poti ndinkathamangira minibasi. Chiganizo chachikulu chinali chakuti, "Matumba 30 a soya awonongeka chifukwa cha mvula yamphamvu."

Taonani chimene chinachitika m'chiganizo chimodzicho. Ine ndinati "ngati 30", chifukwa ndinangoyerekeza ndi maso, mulu ndinali ndisanaugwetse. Iwo anachotsa "ngati" poti akuti ndi mawu osalongosoka. Ine ndinati "anyowa", iwo anati "awonongeka". Thumba lonyowa mumalikhuthula pa lona, kuyanika, n'kusokanso, pomwe lowonongeka limachotsedwa m'buku. Ndipo nkhani ya malata inasowa yonse, m'malo mwake munalowa "mvula yamphamvu", mawu amene ine sindinanenepo. Akuti kutchula malata kukanaoneka ngati ndikuloza chala bwana.

Lachitatu akauntanti anandiimbira. Iwo anali atawerengera kale: matumba 30 a makilogalamu 50 lililonse, ndiye kuti makilogalamu 1,500 atayika. Koma ife kugodauni tinali titagwetsa mulu, n'kupeza kuti onyowa anali 27. Titayanika, 22 anapulumuka, asanu okha ndi amene anachita nkhungu. Ndiye funso lawo linali lakuti, ngati ndinasayinira kuti 30 awonongeka pomwe otayidwa ndi asanu, matumba 25 enawo ndinkafuna kupita nawo kuti? Zaka zonsezi palibe anandikayikirapo ngakhale pa kilogalamu imodzi, lero ndiyankhe funso lotere chifukwa cha kamawu kamene wina anakaona ngati konyansa! Usiku umenewo nsima sinadyeke.

Ndinayambiranso ndekha, ndipo apa ndi pamene ndinapeza njira. Ndinatsegula uthenga wa pafoni uja n'kulemba papepala chilichonse chimene munthu angandifunse nacho umboni: tsiku la mvula, malo, mtundu wa mbewu, chiwerengero ndi "ngati" wake, kunyowa, fungo la ena, malata, ndi pempho. Zinakwana zisanu ndi zitatu. Chotsala chinali "zavuta" basi, ndipo chimenecho ndicho chokha chotayidwa, chifukwa ndi kugunda kwa mtima wanga, si mfundo.

"Ngati" satayidwa, amangosintha zovala n'kukhala "pafupifupi". Ndikubwereza, musalole munthu akuchotsereni kamawu koyerekeza. Chimodzimodzi "ndamva kuti" kapena "zikuoneka kuti": mukawachotsa, mphekesera yasanduka umboni wanu wosayinira.

Pali mawu ena amene pafoni amamveka koma mufailo amafa. "Dzana" ndi dzana kwa amene akuwerenga tsiku lomwelo, koma komiti imakumana pakatha milungu iwiri, ndiye pafunika kulemba Lachiwiri pa 12 Novembala. "Kuno" pafunika kutchula godauni yake. Chovuta kwambiri chinali "malata aja ndinanena aja". Bwana ankadziwa malata ake, koma mamembala a komiti sankadziwa, ndiye ndinayenera kumasula "aja" popanda kuwonjezera mkwiyo. Ndinayang'ana m'buku la misonkhano, n'kupeza kuti ndinanena nkhaniyi pamsonkhano wa antchito wa mwezi wa Seputembala. Sindinalembe kuti "munanyalanyaza", chifukwa ngakhale pafoni sindinatero. Ndinalemba chimene chinanenedwa, nthawi yake, ndi kuti malatawo anali asanakonzedwe. Ulemu uli m'kalembedwe, osati m'kubisa nkhani.

Ndaiwala kunena, Lolemba lija alembi anasinthanso "Tipange bwanji?" kukhala pempho la ndalama zogulira malata atsopano. Ine sindinapemphe ndalama, ndinapempha malangizo. Zimenezi zinangowonjezera kukayikira kwa akauntanti, ngati kuti ndakuza vuto dala kuti ndalama zituluke.

Thunthu la kalata yachiwiri linatuluka motere, pansi pa mutu wakuti KUNYOWA KWA SOYA M'GODAUNI: "Ndalemba kalatayi pofuna kukudziwitsani kuti mvula imene inagwa Lachiwiri pa 12 Novembala inalowa m'godauni. Pamene ndinatsegula Lachinayi pa 14 Novembala, ndinapeza kuti matumba a soya pafupifupi 30 anyowa, ndipo ena mwa iwo anali atayamba kutulutsa fungo. Madziwa analowera pa malata obooka amene ndinawatchula pamsonkhano wa antchito wa mwezi wa Seputembala, omwe anali asanakonzedwe. Ndikupempha malangizo anu pa zimene tingachite."

Mwina mufunsa chifukwa chake sindinangolemba 27 poti ndinali nditadziwa kale. Ndinaganizapo nthawi yaitali. Kalatayi inkaimira uthenga wa pa 14, ndipo bwana akadali nawo uthengawo m'foni mwawo. Wina akaziyika pamodzi ziyenera kugwirizana. Choncho zimene tinapeza pambuyo pake ndinaziyika m'ndime yakeyake, yoyamba ndi tsiku limene tinawerenga: onyowa 27, opulumuka 22, otayika asanu. Aliyense akuona chimene ndinkadziwa tsiku loyamba ndi chimene chinadziwika kenako.

Ndisanapite nayo ndinaitana mlonda wathu, n'kumuwerengera uthenga wa pafoni kenako kalata, ndi kumufunsa ngati wamva nkhani imodzi kapena ziwiri. Anati imodzi, kungoti yachiwiriyo yavala nsapato. Kenako ndinadutsa pa mfundo zisanu ndi zitatu zija ndi cholembera, kuchonga imodziimodzi, n'kufufuzanso ngati mwalowa mawu achilendo onga "yamphamvu" aja.

Lero ndalipiranso kabaza ndi minibasi kachiwiri, ndalama ya m'thumba mwanga imene palibe adzandibwezere. Alembi atafuna kuyikhudzanso ndinati, "Pepani mayi, mungoyitaipa mmene ilili, ndipo 'pafupifupi' ameneyo asachoke." Ndinaiwerenga kawiri nditaimirira pomwepo ndisanasayine, n'kupempha kope yanga yodindidwa chidindo cha tsiku lolandirira. Kalata yoyamba ija ndawauza akauntanti kuti asayitaye, ayimange pamodzi ndi yatsopanoyi, komiti ikaone yokha pamene matumba 25 aja anachokera.