Chithunzi cha juwisi wa malambe: mmene ndinachifufuzira tisanapite kopulinta

Ine ntchito yanga ndi yopanga malebulo ndi maposita kuno ku Lilongwe, ndiye mwezi watha kunabwera mayi ena amene amapanga juwisi wa malambe, akufuna malebulo 2,000 ndi posita yomata m'magolosale. Chithunzi anabwera nacho kale pa foni, anawapangira ndi mwana wa achemwali awo pa ka apu kena kaulere ka AI. Mnyamata wangochoka mu galaundi, thukuta kamukamu, botolo la juwisi lili m'manja, kumbuyoko dzuwa likulowa. Chinali chokongola zedi, olo ine ndinachisirira. Iwo amvekere "achimwene mungoikapo dzina basi, mawa tikapulinte." Ndinawapempha kuti mayi ndipatseniko masiku atatu, chifukwa lebulo ikamatidwa pa botolo ndi kulowa m'mashopu simungaiitanenso kuti bwerera.

Ndinayambira pa apuyo. Ndinauza mwana wa achemwali awo uja anditumizire dzina la apuyo, ndinalowa pamene alemba Terms of Use, tija timalemba ting'onoting'ono timene tonse timangodina kuti tavomera tisanawerenge. Simufunika kuwerenga zonse ayi, pa kompyuta mumangodina Ctrl+F ndi kusaka mawu angapo, ine ndimayamba ndi commercial, kenako ownership, output ndi indemnify. Mawu oyamba omwewo anandifikitsa pa mzere wonena kuti za ulere ndi za "personal, non-commercial use only". Kutanthauza kuti chithunzicho ukhoza kuika pa sitetasi kapena kutumizira abale, koma kugulitsira katundu ayi. Ndinafunsanso ngati titalipira lero chithunzi chakalecho chingasanduke chololedwa, ndipo malamulo awo amakamba za zithunzi zopangidwa nthawi imene munthu ali pa pulani yolipira. Ndiye chija chinathera pomwepo, mayi aja zinawawawa koma anamvetsa.

Ndisanasankhe kopangira china ndinakhala usiku wonse kuwerenga za makampani akuluakulu, chifukwa sizifanana. A Midjourney amati amene walipira zithunzi ndi zake mpaka pamene lamulo likulolera, koma kampani yopeza ndalama zoposa madola 1,000,000 pa chaka iyenera kukhala pa pulani ya Pro kapena Mega. Bizinesi ya malambeyi siinafike pamenepo, koma amene mumagwirira ntchito mabanki ndi makampani a mafoni muziyang'ana zimenezi. Chinanso, kumeneko zithunzi zimaonekera kwa anthu ena onse pokhapokha uli ndi Stealth Mode, imene ilinso pa mapulani okwera mtengo omwewo. A OpenAI amati zimene zatuluka ndi zako, koma amanenanso poyera kuti munthu wina akhoza kulandira chofanana nacho. A Adobe amati Firefly anaiphunzitsa ndi zithunzi za Adobe Stock ndi zina zololedwa, ndiye mpata wotulutsa za eni ndi wochepako. Ndinasankha imodzi yolipira, ndinasunga lisiti, ndinasunganso tsamba la malamulolo ngati PDF tsiku lomwelo chifukwa amasinthasintha osakuuza.

Tsopano apa ndi pamene anzanga ambiri amaimira, akaona kuti malonda ndi ololedwa amati zatheka. Koma layisensiyo ndi pangano la anthu awiri okha, iwe ndi mwini pulogalamu. Iye akukuuza kuti ine sindidzakuvutitsa. A Adidas sanasayinepo pamenepo, a Coca-Cola sanasayinepo, wosewera mpira amene nkhope yake ingatulukire mwangozi sanasayineponso. Ndipo mukawerenga bwino pa mawu aja a indemnify, nthawi zambiri pa mapulani a anthu wamba ngati ife zimakhala zotembenuka, ndiwe amene ukulonjeza kuteteza kampaniyo wina akadandaula ndi chithunzi chako. Mlandu ukabwera ugwera mayi a malambe, kenako iwo abwera pakhomo panga.

Ndiye ndinapanga chatsopano, mu puromputi, aja mawu amene umalembera makina kuti akujambulire, sindinatchule dzina la kampani iliyonse, kapena la wojambula, kapena la wosewera mpira. Ndinangofotokoza mnyamata, yunifomu yobiriwira, botolo la juwisi, galaundi ya fumbi. Zinatuluka zinayi, ndinasankha chimodzi, ndinachitsegula pa kompyuta ndi kuchikuza mpaka 300 peresenti, kuyenda nacho pang'onopang'ono kuchokera kumutu mpaka kunsapato ngati mmene amayi amasankhira mpunga pa lichero.

Pa phewa la malaya panali mizere itatu yoyera, yotalikirana mofanana, kutsika mpaka pa mkono. Pa foni siimaoneka kwenikweni, umangoti ndi kuwala kwa dzuwa, koma pa posita ya A2 aliyense akanati ndi Adidas. Sindinaipemphe, inabwera yokha chifukwa makinawa anaphunzira pa zithunzi zambirimbiri za anthu a masewera ndipo ambiri mwa iwo avala zimenezo, ndiye kwa iwo malaya a mpira ndi mizere itatu zimayendera limodzi. Pa nsapato ya kumanzere panalinso kachizindikiro kopindika konga tiki ya aphunzitsi, kosamalizika bwino koma kokukumbutsa Nike. Mnzanga wina amene timagawana ofesi anati aise usavutike, iwo ndi a zovala iwe ndi wa juwisi. Pali chilungamo pang'ono pamenepo, zizindikiro za malonda zimalembetsedwa m'magulu 45, zovala ndi nsapato zili mu gulu 25, juwisi ali mu gulu 32. Koma zizindikiro zotchuka kwambiri zimatetezedwa mpaka kunja kwa gulu lawo, komanso posita yotsatsa malonda yokhala ndi chizindikiro cha eni imaoneka ngati iwo akugwirizana nawo malondawo. Kufufuta kunanditengera mphindi 20 zokha, mizere ndinachotsa yonse, sindinasiye iwiri ayi chifukwa a Adidas anakasumirapo kale ena ku makhoti a kunja pa nkhani ya mizere iwiri ndi inayi yomwe.

Botolo ndi limene linandidetsa nkhawa kwambiri. Linatuluka la galasi, lolowa m'chiuno, lokhala ndi timizere totsika. Ndinaphimba pamene pakhale dzina, ndinapita nacho pa babashopu ya pafupi ndi ofesi, ndinafunsa anyamata asanu mmodzimmodzi kuti ichi ndi chakumwa chanji. Anayi sanaganize n'komwe, anangoti Koko imeneyo. Botolo la Coca-Cola lija analipanga mu 1915 dala kuti munthu azilizindikira olo atangoligwira mumdima, ndipo kaumbidwe kake pakokha ndi chizindikiro cholembetsedwa, palibe chifukwa choti dzina lilembedwepo kuti ulakwe. Chinanso n'choti juwisi wa mayi aja sali m'botolo lotero, ali mu la pulasitiki la 500 ml la chitsekero chobiriwira, ndiye tikanakhala tikuonetsa ogula chinthu chimene sakachipeza mu filiji. Ndinatenga botolo lawo lenileni, ndinaliika pa windo m'mawa kuwala kuli kofewa, kumbuyo ndinaika pepala loyera, ndinalijambula ndi foni, ndinalidula ndi kuliika m'dzanja la mnyamata uja. Zala zinandivuta ola lathunthu kuti zioneke zogwiradi.

Panalinso kanthu kena kamene ndikanakaphonya. Pa lebulo yabodza imene makina anajambula pa botolo loyambalo panali kachidindo kozungulira kokhala ndi zilembo zosokonekera, ndi bakhodi yosatanthauza kanthu. Kachidindo kotero munthu akakaona patali amati ndi ka a Malawi Bureau of Standards, pomwe chizindikiro chimenecho amapereka ndi eni ake akayeza katundu, sichojambula wekha. Zinapita limodzi ndi botolo lija. Ndinayang'ananso m'makona onse anayi kusaka zotsalira za wotamaki kapena siginecha ya munthu, chifukwa zimachitikadi, mu 2023 a Getty Images, kampani yogulitsa zithunzi, posumira a Stability AI opanga makina ojambulawa, anaonetsa zithunzi zotuluka m'makina zili ndi chidindo chawo chopindikapindika. Changa chinalibe.

Nditamaliza ndinachiponya pa Google Lens ndi pa TinEye, posakira zithunzi zofanana pa intaneti, choyamba chonse, kenako zidutswa, malaya paokha, nsapato pazokha, chifukwa ukaponya chonse makina amangoona mnyamata ndi dzuwa ndi kukupatsa zithunzi za dzuwa likulowa. Sipanatuluke chofanana nacho ndendende. Nkhope ndinabwerera nayo ku babashopu komwe kuja, poti anthu amenewo osewera a Flames ndi a ku Ulaya omwe amawadziwa bwino kuposa makina, ndinafunsa kuti akufanana ndi ndani, aliyense anatchula zakezake, wina mpaka anati msuweni wake wa ku Mchinji. Akanati atatu atchule munthu mmodzi wodziwika, ndikanasintha nkhopeyo.

Logo sindinalole kuti ipangidwe ndi AI ngakhale mayi aja anafunsa. Ku Amereka ofesi yoona za umwini wa ntchito zaluso inagamula mu Febuluwale 2023, pa nkhani ya buku lina la zithunzi, kuti zithunzi zotuluka mu Midjourney sizitetezedwa, chotetezedwa ndi mawu amene munthu analemba ndi mmene anasanjira zinthu. Mu Januwale 2025 inabwerezanso kuti kulemba puromputi pakokha sikukupanga munthu kukhala mwini. Limenelo ndi lamulo la kwawo, kuno tili ndi lathu la 2016 limene a COSOMA amagwira nalo ntchito, koma ine ndinatolapo chenjezo, kuloledwa kugwiritsa ntchito chithunzi ndi kwina, kukhala ndi mphamvu yoletsa wina kuchikopera ndi kwinanso. Posita wina akaitengera mungapange ina, koma logo ndiye nkhope ya bizinesi. Ndinaijambula ndekha, lambe losweka pakati ufa ukuonekera, kenako ndinaiika pa Global Brand Database ya bungwe la WIPO, kaundula wa zizindikiro za malonda za m'maiko ambiri, pamene umatha kusaka pogwiritsa ntchito chithunzi, ndinasefa ndi gulu 32. Zinatuluka za mitengo ya mlambe zingapo za maiko ena, koma za chipatso chosweka chonga changa sindinaone. Ndinawauzabe mayi aja kuti zimenezi zisatikwanire, apite ku ofesi yolembetsa zizindikiro za malonda akapemphe kuti awafufuzire dzina ndi logo m'kaundula wa kuno, kenako alembetse pansi pa lamulo la zizindikiro za malonda la 2018.

Tsiku lachitatu ndinawapatsa foda pa fulashi, muli lisiti ya pulani, PDF ya malamulo ija, puromputi yonse, chithunzi mmene chinatulukira, chithunzi nditachikonza, chithunzi cha botolo cha pa windo chija ndi masikirinishoti a zonse ndinasaka. Pa invoisi ndinalembapo mzere umodzi wonena kuti mnyamatayo ndi galaundi ndi za AI, botolo ndi logo ndi ntchito ya manja anga, anasayina. Malebulo tinapulinta Lachisanu, koma tinayamba ndi 500 okha podikira yankho la ku kaundula.