BI-RADS 3 si pobisalira tikasowa zida

Sabata yapitayi yanditopetsa anzanga, koma yomwe yandikhala pamtima ndi mamogalamu imodzi ya Lachitatu, chithunzi cha X-ray cha bere. Masiku enawo zinali zomwe mukuzidziwa kale, ambiri BI-RADS 1 ndi 2, manambala a pa lipoti otanthauza kuti palibe chooneka ngati khansa, kashiamu wa m'mitsempha ya magazi mwa agogo, timatumba ta madzi tomwe sikani yatsimikiza, ndi mayi wina yemwe timadontho toyera ta m'khwapa tinali mafuta onunkhiritsa omwe anadzola m'mawa, atapukuta tinajambulanso tonse tinasowa.

Lachitatu ndiye kunabwera mayi wa zaka 47, akuti bere lamanzere likumveka kolimba. Bere lake si lothinana, gulu b, choncho zinthu zimaoneka bwinobwino. Pa zithunzi zonse ziwiri, CC chojambula kuchokera pamwamba ndi MLO chojambula chammbali, chotupa chilipo, kumtunda chakunja, pa 2 koloko, kukula kwake 18 mm. Sichozungulira, m'mbali mwake simuli malire osalala, mwatuluka timizere tosongoka tolowa mu mnofu ngati mizu. Kuchokera pa chotupacho kulowera ku nsonga ya bere kuli kashiamu woonda, timizere todukaduka tina tophuka nthambi, tondondozana motsata njira ya mkaka. Pa sikani chotupacho chakuda, chaima chotalika kuposa mulifupi mwake, kuseri kuli mthunzi, ndipo mwanabele mmodzi m'khwapa khungwa lake lakhuthala kupitirira 3 mm. Apa panalibe chokayikitsa, ndinalemba 5, kutanthauza kuti mwayi woti ndi khansa ndi 95 pa 100 kapena kuposa.

Chomwe chinandikwiyitsa ndi envulopu yomwe mayiwo anatulutsa mu kachikwama. Anajambulitsako konkuno chaka chatha, chotupa kunalibe, koma pamalo omwewo panali kagulu ka kashiamu, timadontho tosiyana kukula, tosiyana maonekedwe, tina tosongoka. Lipoti lake linati BI-RADS 3, abwerenso pakatha miyezi 6. Chithunzi chokulitsa panalibe.

Tonse tikudziwa kuti 3 ali ndi malamulo ake. Ndi wa chinthu chomwe mwayi wa khansa sukuposa 2 pa 100, ndipo umamupereka utamaliza kufufuza konse, osati ukungoona zithunzi zinayi zoyamba zija. Pa kashiamu, woyenera 3 ndi kagulu kamodzi ka timadontho tozungulira tofanana, utatiwona pa chithunzi chokulitsa. Tikangokhala tosiyanasiyana chonchija ndi 4B, pakati pa 10 ndi 50 pa 100, ndipo 4 aliyense njira yake ndi bayopise basi, kutapa kanyama kokayeza ku labu. Ngati sunathe kukulitsa, nambala yoona ndi 0, kuti ntchito sinathe, mayi apite kwina komwe angakulitse.

Sindikuloza chala mnzanga yemwe analemba, chifukwa ndikudziwa momwe tikugwirira ntchito. Kachipangizo kopanira bere pokulitsa kanasweka kalekale, makalata talemba, ku ofesi yankho ndi lomwe lija loti bajeti. Sikirini yomwe timawerengerapo ndi ya kompyuta wamba, pomwe mamogalamu imafuna ya mamegapikiselo 5, ndiye kashiamu wosakwana theka la milimita umuona bwanji maonekedwe ake? Bayopise yolondolera ndi mamogalamu tilibe, kashiamu yekha nthawi zambiri saoneka pa sikani, ndiye munthu ukalemba 4 umadziwa kuti watumiza mayi kukafuna chinthu chomwe kulibe. Mapeto ake 3 amasanduka pothawira, ndipo mabwana akaona malipoti akutuluka amaganiza kuti zonse zili bwino.

Komanso miyezi 6 ija ndani amatsata? Kaundula woitanira anthu palibe, foni ya dipatimenti ilibe mayunitsi. Ndinawafunsa kuti mayi, bwanji simunabwere nthawi yomwe anakuuzani, anati adokotala, anandiuza kuti mwina si khansa, ndiye ndinaona kuti ndalama ya thiransipoti ndigulire feteleza. Iwo sanalakwe, anamva zomwe tinawauza.

Ndinawakhazika pansi pamodzi ndi achemwali awo ndikuwafotokozera kuti chomwe taonachi chikufanana kwambiri ndi khansa, koma chotsimikiza ndi kutapa kanyama. Chotupachi chikuoneka pa sikani choncho bayopise ndi yotheka konkuno, koma masingano a 14G anatha ku sitolo, mpaka Lachinayi tinachita kubwereka ku dipatimenti ina. Tinatapa pa chotupa ndi pa mwanabele, tsopano tikudikira a labu, ndipo mukudziwa kuti kumeneko zimatenga masabata. Mu lipoti ndalemba kutalika konse kwa kashiamu uja mpaka pafupi ndi nsonga, kuti a opaleshoni asayeze ntchito yawo ndi 18 mm yokha, ndipo ndawonjezera kuti zotsatira zikabwera zoti si khansa, zisalandiridwe, titapenso.

Lachisanu ndinapempha kuti titulutse malipoti onse a 3 a chaka chathachi omwe analembedwa pa kashiamu popanda chithunzi chokulitsa, tiwaonenso awiriawiri, ofunika kuitanidwa tiwaimbire ndi mafoni athu. Kalata ina ya kachipangizo kaja ndasiyanso ku ofesi, ulendo uno ndaphatikizapo zithunzi ziwiri za mayiwa, cha chaka chatha ndi cha pano, dzina nditabisa.