Bulawuza sinanene kuti yapeza vayilasi

Tsopano ndapuma, anzanga. Temu yonse nkhani ya machenjezo a bulawuza inkandizunguza mutu, chifukwa m'kalasi tinangouzidwa kuti ukaona chenjezo usatsegule, basi. Komatu pulogalamu yaing'ono imene aphunzitsi omwewo anatipatsa yochitira pulakitiko ya manetiweki, bulawuza ya Edge inaikana. Ndiye timvere uti, aphunzitsi kapena bulawuza?

Chimene chanditsegula maso n'chakuti machenjezowa si amodzi. Mawu ake ndi osiyana, ndipo chifukwa chake n'chosiyananso, kungoti ife timathamangira kuyang'ana mtundu wofiira osawerenga. Nthawi zina bulawuza imanena kuti fayiloyi ndikuidziwa, ndi yoipa. Nthawi zina imanena kuti fayiloyi sindikuidziwa. Nthawi zinanso ilibe nazo ntchito za fayiloyo, ikudandaula za njira imene yadzera.

Yoyambayo ndi yosavuta. Chrome ndi Firefox zimafunsa mndandanda wa Google Safe Browsing, pamene Edge imafunsa SmartScreen ya Microsoft. Fayilo kapena webusayiti ikapezeka pa mndandanda wa zoipa zodziwika kale, uthenga umanena mosabisa, monga pa Chrome pamene umati ndi `dangerous`. Apa palibe zokambirana, fufutani. Yachitatunso siivuta: tsamba lili pa `https` koma fayilo ikubwera kudzera pa `http`, kutanthauza kuti wina wake panjira, mwina pa wayifayi ya gulu, angathe kuisintha isanakufikeni. Chrome imalemba kuti `Insecure download blocked`. Mankhwala ake ndi kufufuza linki ina ya `https` ya fayilo yomweyo.

Yapakatiyo ndi imene ndikufuna tikhalepo. Uthenga umene Edge inandipatsa unali wakuti fayiloyo `isn't commonly downloaded`. Werengani bwino. Palibe pamene akunena kuti muli vayilasi. Akunena kuti ndi anthu ochepa amene anaitsitsapo, ndiye alibe mbiri yake. Zili ngati munthu wachilendo akafika m'mudzi, anyakwawa samunena kuti ndi wakuba, amangoti sitikumudziwa, wabwera ndi ndani?

Mbiri imeneyi imamangidwa pa zinthu ziwiri. China ndi fayiloyo yeniyeniyo, yomwe imazindikirika ndi hashi yake, mndandanda wa zilembo ndi manambala umene umawerengedwa kuchokera pa zonse za m'kati mwa fayiloyo. China ndi siginecha ya amene anaipanga, ngati anagula setifiketi n'kuisainira. Apa m'pamene zinandilowa: wopanga akangosintha kanthu kamodzi n'kutulutsa pulogalamu yatsopano, hashi imasintha yonse, ndipo ngati palibe siginecha yoti inyamule mbiri yakale, fayiloyo imayambiranso kukhala yachilendo. N'chifukwa chake pulogalamu yabwinobwino yolembedwa ndi munthu mmodzi, kaya ndi mnzathu wa ku Luwinga amene walemba kapulogalamu kowerengera malikisi, imakanidwa, chifukwa setifiketi imafuna ndalama ndipo oitsitsa ndi kalasi imodzi yokha. N'chifukwa chakenso vayilasi imene yapangidwa lero m'mawa imatha kulandira chenjezo lofatsa lomweli, poti sinalowe pa mndandanda wa zoipa. Chenjezo limodzi, zinthu ziwiri zosiyana kotheratu. Bulawuza yakubwezerani mlandu kuti muweruze nokha.

Ndinaweruza motere pa ya aphunzitsi ija. Ndinayamba ndi adiresi: ndinalemba dzina la pulogalamuyo, n'kupita pa webusayiti ya eni ake enieni, osati malo aja odzaza mabatani obiriwira a `Download` anayi pa tsamba limodzi, ndiponso osati linki yoyamba yolembedwa `Sponsored`. Kenako ndinafunsa ngati mtundu wa fayilo ukugwirizana ndi zimene ndimafuna. Ndimafuna pulogalamu, yabwera `.exe`, zikumveka. Ndinaisunga osaitsegula, poti kusunga ndi kutsegula n'zosiyana. Fayilo ya `.exe` yongokhala mu `Downloads` siichita kanthu mpaka mutaiyendetsa. Ndinadina kumanja, `Properties`, kuyang'ana `Digital Signatures`. Tabu imeneyi panalibe, kusonyeza kuti sinasainidwe. Ndiye chifukwa cha chenjezo chinaoneka.

Kenako hashi. Anzanga, hashi ndiye mfumu, ine sindibwerera. Eni ake analemba hashi ya mtundu wa SHA-256 ya fayiloyo pa tsamba lawo. Ndinatsegula PowerShell mufoda momwemo n'kulemba:

```
Get-FileHash .\setup.exe -Algorithm SHA256
```

Zimatuluka zilembo ndi manambala 64. Zikafanana ndi za pa webusayiti, fayilo imene muli nayo ndi yomweyo imene eni ake anatulutsa, palibe amene waikhudza panjira, ndipo sinaduke pamene netiweki inkagwagwa ndi mvula yathu ino. Zanga zinafanana. Mnzanga wina wa ku Chibavi amanditsutsa kuti hashi siinena ngati fayilo ndi yabwino, imangonena kuti ndi yomweyo, ndiye webusayitiyo ikakhala ya akuba adzalemba hashi ya vayilasi yawo n'kufanana bwinobwino. Akunena zoona, n'chifukwa chake adiresi imayamba. Komabe ine palibe njira ina imene imandikhazika mtima pansi ngati kuona zilembo zija zikugwirizana.

Nditaitsegula fayilo ija, Windows inabweranso ndi chikwangwani cha buluu, `Windows protected your PC`. Si umboni wachiwiri ayi. Ndi SmartScreen yomweyo ikufunsa funso lomwe lija, chifukwa Windows imaika chizindikiro pa fayilo iliyonse yochokera pa intaneti. Pansi pa `More info` panalembedwa kuti wopanga ndi `Unknown publisher`, zimene ndinali nditaziona kale.

Tsopano yerekezani ndi imene inazungulira pa gulu lathu la WhatsApp, yoti ndi mapepala a mayeso akale. Inali zipi yokhala ndi pasiwedi, pasiwediyo atailemba mu uthenga momwemo. Funso n'lakuti, ukukhomeranji chinthu n'kupereka kiyi kwa aliyense? Yankho n'lakuti zipi yokhoma makina ofufuza sangaone za m'kati mwake. Amene anaitsegula anapeza fayilo yooneka ngati PDF, koma atayatsa `File name extensions` mu `View`, dzina lonse linathera ndi `.pdf.exe`. Mapepala a mayeso sakhala pulogalamu. Apa sipafunikanso hashi. Ndipo tsamba lililonse lokuuzani kuti muyambe mwazimitsa antivayilasi kapena `Safe Browsing` kuti fayilo itsike, lakuuzani kale zolinga zake.

Chimene chimandiwawa n'chakuti zonsezi zikanatheka kuphunzitsidwa m'piriyodi imodzi. M'malo mwake tinathera nthawi kuloweza kusiyana kwa mitundu ya mavayilasi kuti tikalembe pa mayeso, labu n'kumatsekedwa nthawi imene magetsi abwera. Ndinafunsapo za chenjezoli, aphunzitsi anangoti, "Dinani `Keep` basi, n'zanga zimenezo." Ndiye mwana wa sukulu akaphunzira kudina `Keep` osaganiza, mawa akadina pa zipi ija mudzamuimba mlandu? Bandulonso siilola kuti munthu uzitsitsa fayilo kawiri kuti ufananize.

Pali pamene ndakakamirabe. VirusTotal ndimaigwiritsa ntchito, imayesa fayilo ndi maantivayilasi ambiri nthawi imodzi, ngakhale sindiikako zikalata zanga chifukwa zimene waika ena amatha kuziona. Koma tiyerekeze fayilo ilibe siginecha, eni ake sanalembe hashi, ndipo pa VirusTotal awiri okha akuti ndi yoipa, ena onse ali chete. Awiriwo angakhale akulakwitsa, zimachitika kwambiri ndi mapulogalamu ang'onoang'ono. Angakhalenso kuti ndiwo ayamba kuona chinthu chatsopano. Ena amati dikira masiku angapo uyesenso, koma asainimenti ikufunika Lolemba, ndipo laputopu ndi imodzi yomweyi imene muli pulojekiti yanga yonse. Pamenepo mpaka pano sindinasankhe kuti ndingadine chiyani.