Manambala a kutsogolo kwa fomula amawerenga mamolo, osati magalamu

Pamene ndikubwereza kemisitiri pokonzekera mayeso a MSCE, ndaona kuti mafunso ambiri a mamolo amagona pa mfundo imodzi. Ikweshoni yobalansa siinena za kulemera kwa zinthu, imanena za kuchuluka kwa tinthu tomwe tikuphatikizana. Dazeni ya mazira ndi dazeni ya njerwa zonse ndi 12, koma pa sikelo sizingafanane. Molo nayonso ndi chiwerengero, tinthu 6.02 × 10²³, ndipo kulemera kwake kumatengera chinthu chimene ukuwerengacho.

Funso lomwe ndimayeserapo ndi ili: pakufunika magalamu angati a NaOH kuti athetse mphamvu ya magalamu 4.9 a H₂SO₄?

Choyamba ndimabalansa ikweshoni, chifukwa nthawi zina amaipereka yosabalansa:

H₂SO₄ + 2NaOH → Na₂SO₄ + 2H₂O

Kenako ndimasandutsa magalamu aja kukhala mamolo. Molo imodzi ya H₂SO₄ imalemera magalamu 98, pophatikiza 2 wa haidirojeni, 32 wa salifa ndi 64 wa okosijeni. Ndikagawa 4.9 ndi 98 ndimapeza mamolo 0.05. Apa mpamene 2 uja wa kutsogolo kwa NaOH amagwira ntchito: molo iliyonse ya asidi ikufuna mamolo awiri a NaOH, ndiye kuti akufunika ndi mamolo 0.1. Molo imodzi ya NaOH ndi magalamu 40, choncho 0.1 × 40 akutipatsa magalamu 4.

Mayankho olakwa a funsoli amadziulula okha komwe achokera. Wopeza 9.8 wachulukitsa magalamu 4.9 ndi 2 asanapite ku mamolo. Wopeza 2 waiwala kubalansa, nkutenga ngati molo imodzi ikudya inzake imodzi. Yankho lopweteka ndi 8, chifukwa mwini wake amakhala akudziwa njira yonse. Iye wawerengera 2 uja m'kulemera kwa molo, nkulemba 80 m'malo mwa 40, kenako nkumugwiritsanso ntchito kachiwiri posintha mamolo. Kulemera kwa molo kumachokera ku fomula yokha, ndi timanambala take tam'munsi. Nambala ya kutsogolo imalowa kamodzi basi.

Nthawi ikatsala, ndimatsimikiza yankho poona ngati kulemera kwa mbali ziwirizo kukufanana. Zolowa ndi 4.9 + 4, omwe ndi magalamu 8.9. Zotuluka ndi mamolo 0.05 a Na₂SO₄, molo iliyonse magalamu 142, kutipatsa 7.1, ndi mamolo 0.1 a madzi, molo iliyonse magalamu 18, kutipatsa 1.8. Pamodzi ndi 8.9 yemweyo. Ukaika 8 m'malo mwa 4, zolowa zimakwera kufika 12.9, ndiye kuti magalamu 4 a NaOH angotsala osagwira ntchito.

Ine ndimalemba g kapena mol pambali pa nambala iliyonse, ngakhale zimachedwetsa pang'ono. Ndikaona kuti ndikuchulukitsa 2 wa mu ikweshoni ndi nambala yokhala ndi g, ndimaima nkubwerera pa mzere wogawa ndi 98.